Nambala zobisala m'zilembo: mmene mungakonzere kolamu ya ndalama mu Excel

Alembi a magulu a alimi, osunga chuma kutchalitchi ndi eni magolosale ambiri masiku ano amalemba ndalama zawo mu Excel. Vuto limene limawapeza kawirikawiri ndi lakuti kolamu yodzaza ndi ndalama imapereka chiwonkhetso chochepa modabwitsa. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imasiyanitsa nambala ndi mawu. Kachilembo kamodzi kakalowerera pakati pa manambala, kabokosi konseko kamatengedwa ngati mawu, ndipo `SUM` imakadumpha mwakachetechete, osachenjeza.

Tiyerekeze kuti gulu lagulitsa soya, ndipo anthu osiyanasiyana alemba malonda asanu kuyambira `B2` mpaka `B6` motere:

```
12500
K8,000
15O00
9 500
20k
```

Munthu akawerenga ndi maso apeza K65,000. Koma `=SUM(B2:B6)` ipereka 12500 basi, chifukwa nambala yeniyeni ndi yoyambayo yokha. Yachiwiri ili ndi K wa kwacha. Yachitatu wolemba anadina chilembo O m'malo mwa ziro. Yachinayi anaikopera pa intaneti, ndipo inabwera ndi mpata wapadera umene maso sangausiyanitse ndi mpata wamba. Yachisanu ndi chidule cha 20,000.

Musanakonze kalikonse, yambani mwadziwa kukula kwa vutolo. `=COUNTA(B2:B6)` imawerenga timabokosi tonse tolembedwamo, ndipo apa ipereka 5. `=COUNT(B2:B6)` imawerenga tokhala ndi nambala tokha, ndipo ipereka 1. Kusiyana kwakeko kukukuuzani kuti timabokosi tinayi tili ndi vuto. Maso nawonso angathandize: ngati palibe anasintha kaimidwe kake, nambala zimatsamira kumanja kwa kabokosi, pamene mawu amatsamira kumanzere. Dziwaninso kuti kungosankha `Number` pa `Format Cells` sikuchotsa chilembo chilichonse, choncho sikuthetsa vutoli.

Pokonza, kolamu yoyambayo musaikhudze, chifukwa ndiyo umboni wa zimene zinalembedwa. Tsegulani ina pambali pake, ndipo mu `C2` lembani fomyula iyi, kenako muikokere pansi mpaka `C6`:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(B2,"K",""),",",""),CHAR(160),""))
```

`SUBSTITUTE` iliyonse ikuchotsa chinthu chimodzi: yoyamba K, yachiwiri koma, yachitatu mpata wapadera uja, umene Excel imaudziwa ndi `CHAR(160)`. Ambiri amathamangira `TRIM`, koma iyo imagwira mpata wamba wokha, uwu siiuchotsa. Zonse zikachoka, `VALUE` imasandutsa zotsalazo kukhala nambala.

Zotsatira zake zikhala 12500, 8000 ndi 9500, koma pa `15O00` ndi pa `20k` patuluka `#VALUE!`. Uthenga umenewu ndi wothandiza, chifukwa ukuloza malo enieni ofunika munthu. Ena amaubisa pokulunga fomyula ndi `IFERROR` kuti pavuto pazioneka 0. Akatero tsamba limaoneka loyera, koma chiwonkhetso chimakhala K30,000, ndipo K35,000 imasowa popanda woifunsa. Njira yabwino ndi kutenga buku la malisiti, kutsimikizira kuti ndi 15000 ndi 20000, n'kuzilemba pamanja.

Choopsa kwambiri si pamene fomyula yakana, koma pamene yavomera zolakwika. `SUBSTITUTE` imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono, n'chifukwa chake `20k` yakanidwa. Wolembayo akanalemba `20K`, chilembocho chikanachotsedwa n'kutsala 20, ndipo K20,000 ikanasanduka K20 popanda chenjezo lililonse. Koma nayenso ali ndi msampha wake. Ku Malawi ndi ku Zambia amalekanitsa masauzande, pamene ku Mozambique amaima m'malo mwa kadontho. Ngati wogula wa ku Tete walemba kuti katundu walemera makilogalamu `12,5`, akutanthauza 12 ndi theka, koma fomyula yathu idzapereka 125. Choncho musanachotse chilembo chilichonse, funsani kuti wolembayo ankatanthauza chiyani pochiika.

Mukamaliza, yesaninso `COUNT` pa kolamu yatsopanoyo. Iyenera kupereka 5, mofanana ndi `COUNTA` ya yakale ija. Kenako sanjani manambalawo kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, chifukwa 20 wokhala pakati pa masauzande amaonekera msanga pamwamba. Pomaliza yerekezani chiwonkhetso ndi ndalama zimene zili m'buku.

Kolamu ina isiyeni momwe ilili. Nambala za foni ndi za ziphaso si zowonkhetsa, ndipo mukazisandutsa nambala, ziro woyambirira amathawa. Pa kolamu ya ndalama, gwirizanani kuti mawu akuti kwacha azilembedwa kamodzi pamutu pake, ndipo ikani `Data Validation` yololeza nambala zokha, kuti wolemba `20k` akanidwe pomwepo akadali ndi lisiti m'manja.