Buleka ikamagwa, uzani alandilodi polemba

Soketi ya kukhitchini yada m'mbali ngati mphika wapamoto. Mukalumikiza hotipuleti imathetheka, ndipo pamamveka kafungo ka pulasitiki yopsa. Nsima isanapse, buleka yagwa, nyumba yonse mdima. Ambiri okhala m'nyumba za lendi, kaya ku Ndirande kaya ku Mchesi, amangokakweza buleka ija n'kupitiriza kuphika, chifukwa kukambirana ndi alandilodi za ndalama zokonzera nyumba ndi nkhani yowawitsa mutu. Koma buleka yagwayo yagwira ntchito yake, ndipo ikukuuzani kanthu.

Tiyeni tiwerengere. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230. Hotipuleti ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9, ndipo ketulo yamagetsi ya mphamvu yomweyo imakokanso 9. Mukazilumikiza zonse pa soketi imodzi kudzera pa adaputa, zikukoka maampu oposa 17, pamene soketi yathu ya mabowo atatu inapangidwira maampu 13. Ngati womanga nyumba anaumira n'kukokera soketiyo ndi waya woonda wa 1.5, woyenera mababu, m'malo mwa wa 2.5, wayayo amatentha mkati mwa khoma kapena kudenga kumene diso silifika. Nthawi zina vuto ndi kasikuluwu kolimbitsa waya komwe kakhwefuka, ndipo pamenepo mpamene pamapsa.

Buleka anaiikira kuti iteteze waya. Imadula magetsi wayayo asanasungunule chikopa chake. Apa ndiye pamene ndimaopa mawu aja akuti, "Nditumiza mnyamata wina amene amadziwa zamagetsi." Mnyamata wotereyu akaona kuti buleka ya maampu 10 ikugwagwa, amaichotsa n'kuika ya 32, kapenanso kuilambalala ndi kachiwaya. Magetsi sazimanso, aliyense wasangalala. Komatu waya ndi woonda yemwe uja, ndipo tsopano palibe chomwe chidzadule moto akayamba kupsa usiku, ana ali mtulo, mawindo ali ndi mabagalabazi.

Musanalembe uthenga, zulani zonse pa soketiyo, tsitsani buleka yake ndipo muisiye choncho. Musamasule soketi kuti muone mkati. Jambulani ndi foni pamene padapo. Ngati mpope, chitseko chachitsulo kapena filiji zikukugwirani shoko, ngakhale kungonyerenyetsa chabe, zimitsani pa meniswitchi, chifukwa nthawi zambiri zimenezi zimasonyeza kuti waya wopita kunthaka, wa mizere yobiriwira ndi yachikasu uja, waduka kapena kulibe.

Kudandaula pakamwa tsiku lopereka lendi kumauluka ndi mphepo. Lembani, pa pepala kapena pa WhatsApp, ndipo musunge. Uthenga wake ukhoza kukhala wotere:

"Bambo, ndati ndikudziwitseni kuti soketi ya kukhitchini ikutentha ndipo yada. Kuyambira Lolemba buleka yagwa kanayi, nthawi zonse tikayatsa hotipuleti, ndipo pakumveka fungo la waya wopsa. Tasiya kuigwiritsa ntchito ndipo buleka yake tatsitsa. Ndikuopa kuti nyumba yanuyi ingapse. Chonde titumizireni katswiri wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA pofika Lachisanu. Ine ndimapezeka pakhomo masana. Zithunzi ndi izi."

Uthengawu sukuloza munthu chala. Ukunena malo, tsiku, kangati, zomwe mwachita kale ndi zomwe mukupempha. Mawu akuti "nyumba yanuyi" ndawaika dala, pakuti mwini nyumba amene sangadandaule za chakudya chanu chosapsa amadzidzimuka akaganiza za malata ake.

Ena amafunsa chifukwa chosangoitana a ESCOM. Iwo amasamalira mawaya awo kufika pa mita. Ngati kuthethekako kuli pa polo, pa waya wolowa m'nyumba kapena pa mita penipenipo, aimbireni iwo msanga, ndipo wina aliyense asakhudzepo. Kupitirira mita, mawaya ndi a mwini nyumba, ndipo bungwe la MERA ndi lomwe limapereka ziphaso kwa anthu oyenera kugwira ntchitoyi. Kupempha kuona chiphasocho si mwano.

Katswiri akabwera, khalani pomwepo. Weniweni amayamba wazimitsa n'kuyeza kuti atsimikize kuti moto kulibe, ndipo amanyamula makina oyezera, osati katesita ka sikuludiraiva kokha. Mufunseni kukula kwa waya umene wapeza ndi buleka imene waikapo, ndiponso ngati bokosi lanu lili ndi buleka yoteteza munthu ku shoko, yolembedwa 30mA, yomwe imakhala ndi kabatani koyesera. Adine kabataniko inu mukuona. Magetsi azime nthawi yomweyo.

Alandilodi akanena kuti mukonzetse nokha adzachotsera pa lendi, musapereke ndalama asanakulembereni mawu amenewo ndi mtengo womwe mwagwirizana. Lisiti ya katswiriyo muijambule, ndipo yeniyeniyo muisunge pamodzi ndi malisiti a lendi.