Kalata yopempha aphunzitsi kuti aonenso malikisi a fonoloje

Asayimenti ikabwerako ili yofiira ndi cholembera cha aphunzitsi, ophunzira ambiri a ku yunivesite amangoyang'ana nambala ya pamwamba, n'kuyamba kudandaula kuti awapondereza. Ena amalemba kalata usiku womwewo mtima ukadali m'mwamba. Kalata zotere sizipita patali, chifukwa zimakamba za kuwawa kwa mtima pamene aphunzitsi akufuna umboni. Pa phunziro la fonoloje, lomwe limafufuza mmene maliwu a chiyankhulo amagwirira ntchito, umboniwo ndi mawu enieni otuluka m'kamwa mwa anthu. Tiyeni tione chitsanzo chongoyerekeza cha mtsikana amene wapeza 10 pa 20 pa asayimenti ya mafunso atatu okhudza Chichewa.

Funso loyamba linali loti asonyeze kuti p ndi ph ndi maliwu awiri osiyana. Njira yake ndi kupeza mawu awiri ofanana paliponse kupatula liwu limodzi, koma matanthauzo n'kukhala osiyana. Iye anapereka pala ndi phala, komanso kola ndi khola. Zitsanzozi n'zabwino, koma anapeza 4 pa 6. Cholakwa chinali pa kalembedwe ka zizindikiro. Analemba [phala], pamene m'zizindikiro za IPA, zimene akatswiri a ziyankhulo amagwiritsa ntchito dziko lonse, chizindikiro chilichonse chimaimira liwu lake. Motero [ph] akuwerengedwa ngati maliwu awiri otsatizana. Liwu loyamba la phala ndi limodzi, p wotuluka ndi kampweya, ndipo limalembedwa [pʰ], h wamng'ono ali pamwamba. Ikani dzanja pafupi ndi pakamwa munene mawu awiriwo, kampweyako mukamva pa phala pokha. Apa aphunzitsi sanalakwe, ndipo funsoli lisalowe m'kalata. Wopempha malikisi pa funso limene walakwadi amachititsa kuti zina zonse zimene wanena zikayikiridwe.

Funso lachiwiri linali la kukwera ndi kutsika kwa mawu. Tikamalemba Chichewa tsiku ndi tsiku, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimaoneka chimodzimodzi, koma khutu limasiyanitsa. Pa mtengo womera, mawu amakwera pa phatikizo la te, ndipo akatswiri amalemba mténgo. Pa mtengo wogulira chinthu mawu sakwera, choncho salembapo kanthu. Mtsikanayu anapereka chitsanzochi n'kufotokoza bwino m'ndime yotsatira, koma anapeza 4 pa 8, ndipo m'mbali munalembedwa kuti mawu awiriwo ndi amodzi. Atayang'anitsitsa anapeza kuti kachizindikiro ka pamwamba pa e kanasowa posindikiza, ngakhale m'fayilo imene anatumiza kalimo. Ichi ndiye chifukwa chomveka cholembera kalata: yankho linali lolondola, ndipo pali chinthu chimene aphunzitsi angachione ndi maso awo.

Funso lachitatu ndi limene lili ndi mnofu. Linafunsa ngati l ndi r ndi maliwu awiri osiyana m'Chichewa. Iye anayankha kuti ndi liwu limodzi lomveka mitundu iwiri, ndipo izi n'zoona: munthu akanena bwela m'malo mwa bwera palibe amene amamva tanthauzo lina. Koma umboni wake unali wakuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, monga lira ndi lemera, pamene l amabwera pena ponse, monga gula ndi mbale. Aphunzitsi anapereka 2 pa 6 n'kulemba kuti limenelo ndi lamulo la kalembedwe. Ananena zoona. Lamuloli timaliphunzira kusukulu polemba, koma anthu poyankhula salitsata ndendende, ndipo ngakhale polemba timaika l pambuyo pa i m'mawu ngati ndili ndi tili. Funso la fonoloje linkafuna kuti amvetsere anthu akuyankhula, osati kuwerenga zilembo. Komabe yankho lake lomaliza linali lolondola, ndiye ali ndi ufulu wofunsa kuti malikisi 6 aja anagawidwa bwanji pakati pa yankho ndi umboni. Kumeneko n'kufunsa kuti amvetse, osati kutsutsa.

Atasankha chotere, kalata yake ikhoza kukhala motere:

Okondedwa Aphunzitsi,

PEMPHO LOTI MUONENSO ASAYIMENTI YA FONOLOJE

Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri m'kalasi yanu ya fonoloje. Ndalandira asayimenti yanga ndipo ndawerenga ndemanga zanu zonse. Ndikupempha kuti muonenso funso lachiwiri, tsamba 3. Ndinapereka mténgo ndi mtengo ngati mawu osiyana pa kakwezedwe kokha, koma chizindikiro cha pa e sichinaoneke papepala losindikizidwa. M'fayilo imene ndinatumiza chilimo, ndipo ndime yotsatira ikufotokoza kuti mawu amakwera pa te. Ndaphatikiza pepalalo monga munalichongera.

Pa funso lachitatu, ndikuvomereza kuti zitsanzo zanga zinatsamira pa kalembedwe. Ndingathokoze mutandithandiza kumvetsa mmene malikisi anagawidwira, popeza yankho langa linali lakuti l ndi r ndi liwu limodzi. Ngati mungakhale ndi mpata, ndikhoza kufika ku ofesi yanu nthawi imene mungandiuze.

Ine wophunzira wanu,
(dzina ndi nambala ya kusukulu)

Taonani zimene mulibe m'kalatayi. Mulibe mawu akuti mnzanga analemba zomwezi koma anapeza 15, chifukwa aphunzitsi sangakambirane nanu za pepala la munthu wina. Mulibe zoti ndinachezera usiku wonse, chifukwa amachonga zimene zili papepala. Mulibenso nambala ya malikisi amene iye akufuna. Muli nambala ya funso, tsamba, mawu enieni amene pali nkhani, ndi pempho lomveka pa funso lililonse. Aphunzitsi amene ali ndi mulu wa mapepala akhoza kutsegula tsamba 3 n'kuona yekha nthawi yomweyo.

Pali nthawi zina pamene wophunzira ndi aphunzitsi amasiyana chifukwa Chichewa chawo n'chosiyana. Wa ku Kasungu ndi wa ku Mulanje sakweza mawu mofanana paliponse. Zikatero kungonena kuti kwathu timatero sikokwanira. Tchulani dera limene mawuwo amanenedwa choncho, perekani zitsanzo zingapo zotsata njira yomweyo, ndipo ngati buku likugwirizana nanu, lembani tsamba lake. Buku la The Phonology of Chichewa, limene Laura Downing ndi Al Mtenje anatulutsa mu 2017, ndi limodzi mwa mabuku oyenera kuyambirapo. Koma ngati funso linapereka mndandanda wa mawu oti muwasanthule, yankho liyenera kuchokera m'mndandanda womwewo, ngakhale inu mumawatchula mwina.

Musanatumize kalata, werengani malamulo a sukulu yanu, chifukwa nthawi yopemphera kuti pepala lionedwenso imakhala ndi malire, ndipo m'masukulu ena kuchonganso kukhoza kutsitsa malikisi m'malo mokweza. Wonkhetsaninso malikisi a funso lililonse, poti nthawi zina cholakwa chimangokhala cha masamu. Musalembe kanthu kalikonse papepala lochongedwalo. Kuwonjezera ngakhale kachizindikiro kamodzi pamwamba pa e kukhoza kutengedwa ngati chinyengo. Yambani ndi aphunzitsi amene anachonga, ndipo kwa mkulu wa dipatimenti mupite pokhapokha mukalephera kumvana. Ngati mwawerenga ndemanga zonse ndipo simukupeza funso limene mungaloze tsamba ndi mawu ake, musalembe kalata yodandaula. Pemphani nthawi yoti akufotokozereni pamene munaphonya, kuti mayeso akadzafika musadzagwe pa malo omwewo.