Mphete ndi wotchi ya mtengo wapatali paulendo

Mu Okutobala 2016, achifwamba ovala ngati apolisi anathyola m'chipinda chomwe Kim Kardashian ankagona ku Paris, nathawa ndi zodzikongoletsera zake, kuphatikizapo mphete yomwe anali ataionetsa pa Instagram. Zithunzi zotere zimakopa akuba.

Paulendo wa pandege, golide asaikidwe m'sutikesi yopita kokatundu: ikasowa, chipukuta misozi chimakhala chochepa. Akhale m'chikwama cham'manja. Mkanda woonda aulowetse m'kapaipi komwera zakumwa kuti usapiringizike, ndolo azimange pabatani, wotchi aikulunge m'sokosi. Bokosi lolembedwa Rolex lisiyidwe kunyumba, pakuti limaitana maso.

Asananyamuke, mwini wake ajambule nambala ya wotchiyo ndi risiti, chifukwa apolisi ndi a inshuwalansi adzazifuna ikabedwa.