Cholembera cha woyesa pa buku la Kamwana

Wophunzira akatha zaka zinayi kapena zisanu akufufuza za aneneri, buku lake limakathera pa tebulo la munthu amene mwina sanamuonepo. Mayunivesite ambiri amasankha oyesa awiri kapena atatu, wina wa pasukulu pompo, wina wochokera kunja, ndipo aliyense amalemba lipoti lake payekha asanakumane ndi wophunzirayo pa mayeso apakamwa. Mathero a lipotilo ndi chigamulo: buku lapambana, likonzedwe pang'ono, likonzedwe kwambiri, lilembedwenso, kapena lalephera.

Tiyerekeze kuti buku lomwe lafika ndi lonena za Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira pa sukulu ya mishoni ku Bandawe. Kamwana anakumana ndi Joseph Booth ku South Africa, nabwerera kwawo mu 1908 ndi chiphunzitso cha Wachitawala. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera la Nkhata Bay, akulalikira kuti ufumu watsopano udzafika mu 1914 ndipo msonkho udzatha. Boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko mu 1909.

Woyesa wodziwa ntchito amayamba ndi kuyamika, koma kuyamika kwake kumaloza tsamba. Kungolemba kuti ntchitoyi ndi yabwino sikuthandiza aliyense. Iye amalemba kuti mutu wachinayi, momwe wophunzira anacheza m'Chitonga ndi zidzukulu za anthu obatizidwawo, wabweretsa mawu amene mulibe m'makalata a amishoni a Livingstonia kapena m'mafayilo a boma osungidwa ku Zomba. Chiyamiko chotere chili ndi ntchito ziwiri. Chimauza yunivesite kuti bukuli lawonjezera chidziwitso chatsopano, chomwe ndi muyezo weniweni wa digiri ya udokotala, komanso chimauza wophunzira gawo lomwe asaligwedeze pokonza. Zimamvetsa chisoni kuona munthu atafufuta ndime zake zamphamvu chifukwa palibe amene anamuuza kuti ndi zamphamvu.

Kenako zokonza.

Choyamba chimagwera pa nambala ija ya 10,000. Woyesa amafunsa kuti anawerenga anthuwo ndani. Ngati nambala yachokera kwa amishoni amene nkhosa zawo zinkathawa, kapena kwa bwanamkubwa wofuna chifukwa chomuthamangitsira, kapena kwa Kamwana mwini, aliyense anali ndi chake chomwe ankafuna kuti chimveke. Lipoti silinena kuti nambalayo ndi yabodza. Limalamula kuti wophunzira atchule gwero lake ndi kulipima.

Chachiwiri ndi kusakaniza nyengo. Wophunzira akalemba kuti Kamwana anali wa Mboni za Yehova, woyesa amadula mzere pansi pake, pakuti dzina limenelo linayamba mu 1931, pomwe mu 1908 anthu ankawerenga mabuku a Charles Taze Russell. Ndipo Kamwana atabwerako ku ukapolo wa ku Seychelles mu 1937 anayambitsa mpingo wakewake, wa Mlonda. Kulakwitsa kotere kumaoneka kochepa, koma kumasonyeza ngati wolemba akudziwa kuti gulu lomwe akulifotokoza linkasintha.

Chovuta koposa ndi liwu la wolemba. Ambiri ofufuza za aneneri ndi anthu opemphera, ena ndi abusa, ndipo chikhulupiriro chimalowerera m'ziganizo mwini wake osazindikira. Wina amalemba kuti mneneri anachiritsa odwala, wina kuti ananyenga anthu osaphunzira. Onse awiri aweruza mlandu womwe umboni wawo sungathe kuugamula. Woyesa amapempha kuti chiganizo chinene amene akulankhula: otsatira ake amati anachira, amishoni ankati ndi chinyengo. Iye mwini salemba ngati Kamwana anali mneneri woona kapena ayi, ngakhale ali ndi maganizo ake kutchalitchi kwawo. Funso lake ndi lakuti, n'chifukwa chiyani Atonga ambiri chonchi anathamangira ubatizo wa tsiku limodzi, pomwe ku mishoni munthu ankadikira zaka m'kalasi asanabatizidwe? Buku likayankha funso limenelo ndi umboni, lachita ntchito yake.

Lipoti labwino limalekanitsa zomwe ziyenera kukonzedwa digiri isanaperekedwe ndi malangizo chabe. Kuyerekeza Kamwana ndi Alice Lenshina wa mpingo wa Lumpa ku Chinsali kungakometse buku likamadzasindikizidwa, koma kukakamiza wophunzira kuti achite zimenezo tsopano ndi kumulembetsa buku la woyesa. Zokonza zokakamiza zimalembedwa ndi manambala, chilichonse ndi tsamba lake, kuti miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ikatha, woyesa wa pasukulupo atsegule tsamba 112, aone ngati gwero la anthu 10,000 aja latchulidwa, n'kusayina.