Kuyankha Ounika Kafukufuku wa Matenda a Maganizo Akadandaula za Kasankhidwe ka Anthu

Lipoti la kafukufuku lisanasindikizidwe m'magazini ya sayansi, mkonzi amalitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti aliunike. Ndemanga zawo zimabwerera kwa olemba, amene ayenera kuyankha iliyonse payokha m'kalata yopita kwa mkonzi. Pa kafukufuku wa matenda a maganizo, ndemanga yovuta kwambiri imakhala yokhudza sampulo, gulu la anthu amene anafunsidwa mafunso poimira anthu onse. Chiganizo cholakwika chimakonzedwa tsiku lomwelo, koma anthu amene sanafunsidwe chaka chatha sangafunsidwenso ngati kuti nthawi sinapite. Choncho yankho labwino limachita zinthu ziwiri: kuonetsa ndi manambala mmene vutolo lingasinthire zotsatira, ndi kuchepetsa zimene lipotilo likunena kuti zilingane ndi umboni womwe ulipo.

Kalatayo imakhala ndi dongosolo lodziwika. Imayamba ndi mawu ochepa othokoza mkonzi ndi chidule cha zimene zasinthidwa. Kenaka ndemanga iliyonse imakoperedwa yonse monga inalembedwera, n'kupatsidwa nambala. Pansi pake pamabwera yankho, ndiponso mawu atsopano amene alowa m'lipoti, pamodzi ndi tsamba ndi mzere pamene akupezeka. Ngati ndemanga imodzi ili ndi mafunso atatu, imagawidwa patatu, chifukwa funso lodumphidwa ndi limene wounika amayamba kuliona.

Tiyerekeze kuti ofufuza anafuna kudziwa kuchuluka kwa amayi amene amadwala matenda a kukhumudwa atabereka. Anagwiritsa ntchito mafunso khumi a Edinburgh Postnatal Depression Scale, amene John Cox ndi anzake anafalitsa mu 1987. Anaitana amayi 400 obwera ndi ana kusikelo m'zipatala zisanu ndi chimodzi. Amayi 300 anavomera, ndipo 60 mwa iwo, kapena kuti 20 peresenti, anaonetsa zizindikiro za matendawa. Lipoti linanena kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse m'bomalo ali ndi vutoli.

Ndemanga yoyamba ikuti amayi a kusikelo sangaimire amayi onse a m'boma. Wounikayu akunena zoona. Mayi wokhumudwa kwambiri amasowa mphamvu, amapewa anthu, ndipo angalephere kuyenda ulendo wa kuchipatala, kotero matenda amene akufufuzidwawo ndi amenenso amamutulutsa m'sampulo. Vutoli limathanso kukokera mbali ina. Joseph Berkson anaonetsa mu 1946 kuti kuwerenga odwala a m'chipatala okha kungachititse matenda awiri kuoneka ogwirizana pamene sali choncho kumudzi. Mu 1984, Patricia Cohen ndi Jacob Cohen anafotokoza kuti madokotala amaona kwambiri odwala amene matenda awo amakhalitsa, motero amaganiza kuti matendawo ndi ovuta kuchira kuposa mmene alili.

Kuyankha kuti ena onse amachita chimodzimodzi sikukhutiritsa mkonzi. Olemba amavomera mfundoyo, kenaka amayerekeza amayi awo ndi ziwerengero zodziwika za deralo, monga za kalembera, pa zaka zakubadwa, maphunziro ndi malo okhala. Amatchulanso mbali imene cholakwikacho chingakokere: ngati odwala kwambiri sanafike, ndiye kuti 20 peresenti ingakhale yochepa poyerekeza ndi zenizeni. Pomaliza amasintha mutu ndi chidule cha lipoti, kuti zinene za amayi obwera kusikelo, osati amayi a m'boma lonse. Kubisa chivomerezocho m'ndime yakumapeto mutu uli womwewo ndi kusayankha.

Ndemanga yachiwiri ikufunsa za amayi 100 amene sanatenge nawo mbali. Pa matenda a maganizo kukana sikuchitika mwangozi, popeza manyazi ndi mantha otchedwa wamisala amabweza ena mwa anthu amene kafukufukuyo akuwafuna. Apa malangizo a STROBE, amene anatuluka mu 2007 ndipo ali ndi mfundo 22, amathandiza. Mfundo ya 13 imafuna kuti alembedwe manambala a anthu pa sitepe iliyonse, ndi zifukwa zimene ena anatsalira. Olemba amaika chithunzi chosonyeza oitanidwa, okana, ochoka asanamalize ndi omaliza.

Akatero amawerengera zimene zikanachitika. Ngati mwa amayi 100 aja palibe wodwala, odwala ndi 60 mwa 400, kutanthauza 15 peresenti. Ngati pakati pawo matendawa ndi ochuluka kawiri, kumawonjezeka odwala 40, ndipo 100 mwa 400 ndi 25 peresenti. Ngati onse ndi odwala, zomwe n'zokayikitsa, chiwerengero chimafika 40 peresenti. Masamu amenewa amasonyeza mkonzi kuti vutoli silingatsike pansi pa 15 peresenti mwa oitanidwawo, komanso kuti nambala ya 20 siyenera kulembedwa ngati yosagwedezeka.

Ndemanga yachitatu ikuti sampulo ndi yaing'ono, ndipo ikupempha masamu otsimikizira kukula kwake. Olemba amaonetsa mawerengero amene anachita asanayambe ntchito:

```
n = 1.96² × p × (1 − p) / d²
```

Chilembo p ndi kuchuluka kwa matenda kumene ankayembekezera, ndipo d ndi kuphonya kumene angalole. Ngati p ndi 0.20 ndipo d ndi 0.05, pamafunika anthu 246, choncho 300 akuoneka okwanira. Koma njirayi imatenga ngati mayi aliyense anasankhidwa payekha mwa maere. M'chitsanzochi amayi anatengedwa 50 pa chipatala chilichonse, ndipo amayi a dera limodzi amafanana pa umphawi, mtunda ndi chithandizo chimene amapeza. Kufananako kukakhala 0.02 chabe, mawerengero a 1 + (50 − 1) × 0.02 amapereka 1.98. Izi zikutanthauza kuti amayi 300 aja ali ndi mphamvu ya amayi pafupifupi 150 osankhidwa paokhapaokha. Malire a chiwerengero, amene poyamba anali pafupifupi 15 mpaka 25 peresenti, amatambasuka kukhala pafupifupi 14 mpaka 26. Olemba amawerengeranso zonse motere n'kuika malire atsopanowo m'lipoti.

Si ndemanga iliyonse yofunika kuimvera. Wounika angapemphe kuti mphamvu ya kafukufuku iwerengedwe kuchokera pa zotsatira zomwe zapezeka kale. John Hoenig ndi Dennis Heisey anaonetsa mu 2001 kuti mawerengero otere sawonjezera chidziwitso chilichonse. Olemba angakane mwaulemu, kutchula chifukwacho, ndi kupereka malire a chiwerengero m'malo mwake. Pempho loti afunsenso amayi ena limakanidwanso kawirikawiri, chifukwa limafuna chilolezo chatsopano cha komiti yoteteza otenga mbali, ndipo kuwonjezera amayi a kusikelo komweko kumakulitsa sampulo popanda kuchotsa kukondera kwake.

Ounika awiri akasemphana, wina akufuna kuti amayi ena achotsedwe pa mawerengero pamene wina akufuna akhalemo, olemba amasankha njira imodzi, amafotokoza chifukwa kwa onse awiri, ndipo amaika zotsatira za njira inayo m'tebulo lowonjezera. Kalata isanatumizidwe, onse olemba lipoti amaiwerenga, ndipo nambala iliyonse yotchulidwa m'kalatayo imafananitsidwa ndi ya m'chidule, m'matebulo ndi m'ndime yomaliza. Chigamulo chimakhala cha mkonzi, amene angalandire lipotilo, kulibwezanso kwa ounika omwewo, kapena kulikana ngati sampulo singathe kuyankha funso limene kafukufukuyo anafunsa.