Mafuta a mwana wamkazi, manja a bambo

Bambo wina, mmisiri womanga nyumba, manja ake ankang'aluka chaka chilichonse mwera ukayamba kuwomba mu Juni. Ming'alu ya m'zala inkatuluka magazi akamanyamula njerwa. Usiku wina ululu utakula, anatapako mafuta odzola a mwana wake wamkazi, yemwe ankaphunzira za unamwino. Anapitiriza mwakachetechete usiku uliwonse akasamba, ndipo sabata isanathe ming'alu inayamba kutsekeka.

Botolo litapepuka, mtsikanayo anawafunsa: "Ababa, kodi mafuta angawa akupita kuti?"

"Ndine, mwana wanga. Koma tandiuza, muli mankhwala anji umu? Taona manjawa."

Mtsikanayo anawafotokozera potengera ntchito yawo yomwe. Khungu lapamwamba, iye anatero, lamangidwa ngati chipupa: timaselo takufa ndiye njerwa, ndipo mafuta achilengedwe ndiye matope omatira. Matopewo akachoka, madzi a m'khungu amathawira mumpweya. Khungu louma silitamuka, choncho chala chikapindika limang'ambika, makamaka m'mapindiro ndi kunsonga.

Pa manja a mmisiri, chochotsa mafutawo ndi simenti. Simenti yonyowa ndi yaukali kwambiri: pa muyeso wa pH imafika 12 kapena 13, pamene khungu limakhala cha pa 5. Ikatero, bambo amasamba ndi sopo wochapira zovala, yemwe amakokolola mafuta otsalawo, kenako mphepo youma ya nyengo yozizira imamaliza ntchito.

M'botolo muja munalibe chodabwitsa. Munali gilisalini, yemwe amakoka madzi ndi kuwasunga m'khungu, komanso vasilini, yemwe amayala kachophimba pamwamba kuti madziwo asauluke. Vasilini sathira madzi m'khungu ayi, amangotsekera omwe alipo. Apa ndi pamene bamboyo anachita mwayi osadziwa: ankadzola atangosamba, khungu likadali lachinyontho, n'kukagona maola angapo osakhudza simenti kapena sopo. Akanadzola m'mawa n'kukagwira matope, zambiri zikanapukutika asanamange mzere woyamba.

Ndimaumva chisoni mtima woti kudzola ndi kwa akazi, chifukwa mng'alu ndi chilonda, ndipo tizilombo timalowera pomwepo.

Komabe mafuta ali ndi malire. Mng'alu ukatupa, kutentha kapena kutuluka mafinya, umafunika kuchipatala. Manja akamayabwa ndi kutuluka timatuza nthawi iliyonse munthu akagwira simenti, mwina thupi ladana ndi kolomiyamu, mchere wopezeka mu simentimo, ndipo vutoli silitha ndi kudzola. Pamafunika magolovesi osalowa madzi, ouma m'kati. Wobwereka botolo la wina awerengenso zolembedwapo: mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala amphamvu omwe, akadzoledwa nthawi yaitali, amapyapyalitsa khungu n'kuchedwetsa zilonda kupola.