Sitata Ikangoti Khethe: Batire, Solenoidi Kapena Waya wa Ethi?

Mwatembenuza kiyi m'mawa, galimoto yangoti khethe, injini osazungulira. Ambiri amathamangira kugula batire yatsopano, pomwe mwina yakaleyo ilibe mlandu.

Yambani mwayatsa nyali zakutsogolo, wina atembenuze kiyi inu mukuyang'ana. Nyali zikazilala kwambiri, kawirikawiri batire yafooka kapena mitu yake yachita dzimbiri. Batire yodzaza bwino imaonetsa mavoti 12.6 pa mita, ndipo poliza injini isatsike kupitirira 9.6. Koma nyali zikawalabe ngwee, phokoso n'kukhala khethe kamodzi kokha, kayikirani solenoidi: timkuwa ta m'kati mwake tikapsa, moto sufika ku sitata.

Chimene chimapusitsa anthu, ngakhale amakaniko ena, ndi waya wa ethi, wolumikiza injini ku thupi la galimoto. Ukachita dzimbiri, sitata imazungulira mwaulesi ngati batire yatha. Tengani chingwe chimodzi chojampira, mulumikize mutu wa negetivu wa batire ku chitsulo choyera cha injini. Ikalira msanga, vuto ndi ethi. Masulani bawuti, palani dzimbirilo, mumangenso zolimba.